VPN Posewera Magemu Kuno ku Joni: Njira Zinayi ndi Yemwe Iliyonse Ikumuyenera

Mng'ono wanga amene ndinkakhala naye ku Rosettenville analipira VPN ya chaka chathunthu atamva kwa anzake kuti imathetsa lagi. Anaiika pa rauta, n'kusankha London poganiza kuti kumeneko ndiye kuli maseva amphamvu. Usiku womwewo ndinamumva akudandaula kuchipinda kwake: "Achimwene, tabwerani mudzaone. Ndalipira ndalama zanga, koma pingi yachoka pa 20 yafika pa 170, ndipo anzanga sindikutha kulowa nawo gulu limodzi." Palibe chimene chinawonongeka. VPN ija inkagwira ntchito yake bwinobwino, kungoti ntchitoyo si imene iye ankaifuna.

VPN sifupikitsa mtunda. Chimene imachita n'kusintha msewu umene deta yanu imadutsa, komanso kusintha malo amene gemu ikuganiza kuti muli. Choyambacho nthawi zina chimathandiza. Chachiwiricho ndi chimene chimasokoneza kapezedwe ka osewera nawo.

## Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi komwe kuli seva. Mu nthambo za faiba kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, choncho makilomita 100 aliwonse amawonjezera 1 ms, gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, pa ulendo wopita ndi wobwera, ndipo nthawi ya ulendo umenewu ndiyo pingi. Kuchokera kuno kupita ku Cape Town pingi imakhala cha m'ma 20 ms. Kupita ku London kapena Amsterdam imakhala cha m'ma 160 mpaka 180 ms, chifukwa deta imayamba yatsikira kugombe kenako n'kuzungulira Africa pansi pa nyanja. Palibe ndalama imene ingachotse mtunda umenewu. Magemu ngati Counter-Strike 2 ndi Dota 2 ali ndi maseva ku Joni kuno, Valorant ili nawo ku Cape Town, ndipo Rocket League ili ndi chigawo cha South Africa. League of Legends ilibe, ndiye osewera a kuno amapita ku Ulaya.

Chachiwiri ndi ngati msewu wanu uli wokhota kapena wodzaza. Apa ndi pokhapo pamene VPN ili ndi chochita. Makampani ambiri a intaneti amakumana ku NAPAfrica ndi ku JINX, malo osinthirana deta a mu Joni muno, ndipo ngati kampani yanu ndi ya gemu zimakumana kumeneko, msewu ndi wowongoka kale. Koma kunja kwa dziko kampani iliyonse imagula njira yake. Ina imadutsa kumadzulo pa nthambo ngati WACS kapena Equiano, ina kum'mawa pa Seacom kapena EASSy zimene zimatulukira ku Mtunzini. Njira imene kampani yanu inagula ikadzaza madzulo, kapena nthambo ikaduka monga zinachitikira pa 14 Malichi 2024 pamene WACS, SAT-3, ACE ndi MainOne zinaduka tsiku limodzi kugombe la kumadzulo kwa Africa, kutulukira pa kampani ina kungakupulumutseni.

Chachitatu ndi mmene gemu imadziwira komwe muli. Ena amayang'ana adiresi yanu ya pa intaneti n'kuona dziko limene inalembetsedwa. Ena amayeza pingi kupita ku maseva awo onse n'kusankha yapafupi. Tiwerengere nkhani ya mng'ono wanga ija. Deta yake yonse inkayamba yapita ku London, 160 ms. Gemu ikayeza seva ya ku London inkapeza 165 kapena 170. Ikayeza ya ku Joni, imene ili makilomita ochepa kuchokera kunyumba kwathu, deta inkapita ku London, n'kubwerera ku Joni, n'kubwereranso ku London, kenako kwathu: kupitirira 320 ms. Mwachidziwikire gemu inkasankha Ulaya. Activision, eni ake a Call of Duty, anafotokoza okha mu 2024 kuti kulumikizana kwabwino ndi kumene amakuika patsogolo pogwirizanitsa osewera, ndiye mukanamiza muyezowo mwadzisankhira nokha seva yakutali.

Chachinayi ndi NAT, njira imene makina ambiri amagawanirana adiresi imodzi ya pa intaneti, ndipo ichi n'chimene ambiri a ife amene timagwiritsa ntchito marauta a LTE ndi 5G m'nyumba za lendi chimatipweteka. Pa Xbox imalembedwa Open, Moderate kapena Strict. Pa PlayStation imalembedwa Type 1, Type 2 kapena Type 3. Mukakhala pa Strict, makina a anthu ena sangayambe kulumikizana ndi anu, choncho mumalephera kulowa m'gulu la mnzanu amenenso ali pa Strict kapena Moderate, mawu amadukaduka, ndipo magemu amene osewera amalumikizana okhaokha amatenga nthawi yaitali kukupezerani mpikisano. VPN zambiri zimaika anthu ambirimbiri pa adiresi imodzi, zimene zimaipitsa NAT m'malo moikonza.

Musanalipire kalikonse yezani. Yatsani zoonetsa pingi ndi kutayika kwa mapaketi, timagawo ta deta, m'gemu momwemo, mulembe manambala masana ndi cha m'ma 8 koloko usiku kwa masiku atatu. Pa kompyuta ya Windows, pulogalamu ya `resmon` imaonetsa adiresi imene gemu ikulankhula nayo. Kenako yesani izi, ndipo pa mzere woyamba muike adiresi ya rauta yanu ngati ili yosiyana:

```
ping -n 100 192.168.0.1
tracert -d adiresi_ya_seva
```

Ngati pingi yopita pa rauta yanu yomwe ikudumphadumpha, kuchoka pa 2 kufika pa 80, vuto lili m'nyumba. Ngati ikudumpha pa sitepe yachiwiri kapena yachitatu ya `tracert`, vuto lili pakati pa inu ndi kampani yanu, ndipo VPN idzadutsanso pomwepo. Ikakhala yabata mpaka pamene deta ikutuluka m'dziko, n'kuyamba kusokonekera kutsogoloko, mwapeza matenda amene VPN ingachize. Maseva ena a magemu sayankha pingi mwadala, ndiye nyenyezi zooneka pa mzere womaliza zisakudabwitseni.

## Njira yoyamba: kusewera popanda VPN, n'kukonza za m'nyumba

Mtengo. Chingwe chochokera pa rauta kupita pa makina, chimene mumagula kamodzi pa sitolo iliyonse ya zamakompyuta m'tauni. Ngati rauta ndi yakale, kugula ina ndiye ndalama yokulirapo.

Kupezeka. Aliyense angathe, kupatula amene akukhala m'chipinda cha kuseri ndipo waifai amakoka kwa mwini nyumba. Amenewo apemphe chilolezo chodutsitsa chingwe, chifukwa makoma awiri ndi denga la malata zimaononga pingi kwambiri.

Kusamalira. Kochepa, koma pali chinthu chimodzi choti mudziwe. M'nyumba za anthu ambiri lagi kawirikawiri imabwera wina akayamba kutumiza kanema kumudzi pa WhatsApp kapena foni yake ikamakweza zithunzi pa intaneti yokha. Njira yotumizira deta imadzaza, ndipo timapaketi ta gemu timaima pamzere kumbuyo kwa kanemayo. Ngati rauta yanu ili ndi SQM kapena QoS, mbali yogawa liwiro la intaneti, iyatseni n'kuika malire otsikirapo pang'ono poyerekeza ndi liwiro limene mumalandira. Yatsaninso UPnP kuti makina a gemu azitsegula okha madoko amene akufuna, makomo a manambala amene deta imalowera.

Zoopsa. Palibe chiopsezo pa akaunti yanu, ndipo gemu imakuonani komwe mulidi. Malire ake ndi akuti msewu wakunja simuulamulira. Palinso CGNAT, pamene kampani imaika makasitomala ambiri pa adiresi imodzi. Mumaizindikira mukalowa mu rauta n'kupeza kuti adiresi yake yakunja ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikusiyana ndi imene intaneti ikuona. Zikatero UPnP siithandiza. Funsani kampani yanu ngati imapereka adiresi yanuyanu. Ena a faiba amapereka, mwina powonjezera ndalama pang'ono pamwezi, ndipo izi zimakonza NAT bwino kuposa njira zina zonse m'munsimu.

## Njira yachiwiri: VPN wamba

Apa ndikutanthauza zimene zinapangidwira kubisa zochita zanu ndi kusintha dziko, osati magemu kwenikweni.

Mtengo. Zodziwika zambiri zimadula kupitirira madola 10 mukamalipira mwezi ndi mwezi, ndipo mtengo wotsika umene amaonetsa ndi wa munthu amene walipiratu chaka kapena zaka ziwiri. Mullvad imalipiritsa mayuro 5 pamwezi osasintha. WARP ya Cloudflare ndi yaulere. Langizo langa ndi lakuti musalipire chaka musanayese mwezi umodzi pa nthawi imene mumasewera.

Kupezeka. Pa kompyuta ndi pa foni n'zosavuta. PlayStation ndi Xbox zilibe pulogalamu ya VPN, ndiye muyenera kuiika pa rauta imene imalola zimenezo kapena kugawira intaneti kuchokera pa kompyuta. Marauta ambiri amene makampani amapereka limodzi ndi simu salola. Onetsetsaninso kuti VPN imene mukugula ili ndi seva ya ku Joni yeniyeni. Ena amalemba dzina la dziko pamene makinawo ali kwina, ndipo mumawagwira poyeza: seva imene ilidi mu Joni, pa faiba, siyenera kupitirira 10 ms.

Kusamalira. Pa njira zolumikizira zimene VPN imapereka, sankhani WireGuard. Ikasowa, OpenVPN ya UDP. Pewani ya TCP, chifukwa paketi imodzi ikatayika zonse zimaima kudikira kuti itumizidwenso, ndipo m'gemu mumaona munthu ataima kenako n'kuonekera pena. Gwiritsani ntchito mbali yosankha mapulogalamu odutsa mu VPN kuti gemu yokha ndiyo izidutsamo.

Pano ndipereke chitsanzo changa. Kwa milungu ingapo pingi yanga yopita ku seva ya ku Ulaya inkakhala 168 masana, koma ikafika 7 koloko madzulo inkayenda pakati pa 190 ndi 240, mapaketi n'kumatayika. `tracert` inaonetsa masitepe onse a mu Joni ali pansi pa 5 ms, chisokonezo n'kuyambira potuluka. Ndinayesa VPN potulukira ku London: 185, yabata ndithu koma yokwera. Ndinayesa potulukira ku Joni komweno: 174, osagwedezeka usiku wonse. Chimene chinachitika n'chakuti deta yanga inkangoyenda makilomita ochepa pa kampani yanga, n'kuperekedwa kwa kampani ina imene njira yake yakunja inali yosadzaza. Taonani kuti 174 ndi yokwera kuposa 168 ya masana. VPN inandidyera 6 ms, n'kundichotsera kudumphadumpha kwa 50 ms. Kampani yanga itakonza njira yake, phindulo linatha, ndipo ndinazimitsa.

Zoopsa. Kutulukira kunja kumakutumizani ku maseva akutali monga ndafotokozera. NAT nthawi zambiri imakhala Strict kapena Moderate. VPN zochepa zimalola kutsegula doko, ndipo zimene zimalola kawirikawiri zimakupatsani nambala imene asankha okha, pamene Xbox ndi Call of Duty zimayembekeza 3074 pokhapokha mutazisintha. Adiresi imene mukugawana ndi anthu osawadziwa ikhoza kukhala kuti inatsekedwa kale chifukwa cha wina wobera masewero, ndiye gemu imakana kulowa kapena kukufunsani kutsimikiza akaunti mobwerezabwereza. Ndipo musayese kugula magemu pa mtengo wa dziko lina: malamulo a Steam amaletsa kubisa dziko limene mukukhala, ndipo akaunti imene mwaisonkhanitsira magemu kwa zaka ingalandire chilango chifukwa cha ndalama zochepa. WARP ili ndi ubwino woti sikusamutsirani dziko lina, ndiye siisokoneza kwambiri kapezedwe ka osewera, koma simungasankhe potulukira. Ikathandiza yathandiza, ikapanda kutero mulibe chosintha.

## Njira yachitatu: mapulogalamu owongolera njira ya gemu

Awa ndi monga ExitLag, WTFast, NoPing ndi Mudfish. Amatenga deta ya gemu imodzi yokha n'kuidutsitsa pa maseva awo, kulowera pafupi ndi inu n'kutulukira pafupi ndi seva ya gemuyo.

Mtengo. Ambiri amalipiritsa pamwezi, mtengo wofananako ndi VPN wamba kapena wotsikirapo, ndipo ena amapereka masiku ochepa oyesera. Mudfish imalipiritsa potengera deta imene yadutsa, ndipo popeza gemu imadya deta yochepa mukamasewera, imatuluka yotsika mtengo.

Kupezeka. Kwenikweni ndi za Windows. Wosewera pa PlayStation kapena Xbox apa palibe chake chosavuta. Amagwiranso ntchito pa magemu okhawo amene ali pa mndandanda wawo.

Kusamalira. Muyenera kusankha chigawo cholondola m'pulogalamuyo musanatsegule gemu, ndipo apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Mukasankha Frankfurt koma gemu n'kukuikani pa seva ya ku Cape Town, deta yanu ikhoza kupita ku Germany n'kubwerera. Gemu ikasinthidwa ndi eni ake, nthawi zina pulogalamuyo imasiya kuizindikira kwa masiku angapo.

Zoopsa. Amalowa mozama mu Windows kuti agwire deta ya gemu, choncho amatha kukangana ndi mapulogalamu oteteza kubera masewero, gemu n'kumakana kutseguka. Mapulogalamu ena amatumiza paketi imodzi pa njira ziwiri nthawi imodzi n'kutenga imene yafika msanga. Zimenezi zimachepetsadi kutayika kwa mapaketi pa ulendo wa ku Ulaya, koma zimadya deta yochuluka, ndipo sizikonza chilichonse pakati pa rauta yanu ndi nsanja ya netiweki. Pa Counter-Strike 2 ndi Dota 2 phindu limakhala laling'ono, popeza Valve imadutsitsa kale deta pa njira zake zimene imadzisankhira. M'malo mwake pa Counter-Strike 2 tsitsani Max Acceptable Matchmaking Ping kuti isakutumizeni kutali, podziwa kuti pakati pa usiku mudikira nthawi yaitali chifukwa osewera a kuno ndi ochepa.

## Njira yachinayi: seva yanu yobwereka yokhala ndi WireGuard

Iyi ndimaikonda, ngakhale kuti si ya aliyense. Mumabwereka kakompyuta kakang'ono m'nyumba yosungira maseva mu Joni muno, n'kudzipangira VPN yanu.

Mtengo. Kakang'ono kwambiri kamakwana, ndipo kamakhala cha m'ma madola 5 kapena 6 pamwezi. Mukasonkherana anthu atatu, aliyense amatulutsa ndalama yochepa kwambiri. Onani malire a deta, ndipo magemu akuluakulu muzikopera VPN itazimitsidwa.

Kupezeka. Vultr ili ndi malo ku Joni, Microsoft inatsegula ake kuno mu 2019, Google mu 2024, ndipo Amazon ili ku Cape Town kuyambira 2020. Makampani a konkuno aliponso. Pafunika khadi yolipirira pa intaneti ndi munthu wodziwako Linux.

Kusamalira. Zonse zili pamutu panu: kuika zosintha zachitetezo, kutseka madoko osafunika, kusunga makiyi. Phindu lake lalikulu ndi lakuti adiresi ndi yanu nokha, ndiye mukhoza kutsegula doko lenileni limene gemu ikufuna. Pa seva mumalemba lamulo ngati ili, n'kusintha `eth0` kukhala dzina la khomo lotulukira ku intaneti pa seva yanu, ndi `10.8.0.2` kukhala adiresi ya WireGuard ya mbali ya kunyumba:

```
iptables -t nat -A PREROUTING -i eth0 -p udp --dport 3074 -j DNAT --to-destination 10.8.0.2
```

Ngati mbali ya kunyumba ndi rauta, muyeneranso kutumiza dokolo kuchoka pa rauta kupita pa makina a gemu. Pa LTE ndi 5G onjezani `PersistentKeepalive = 25` kuti njira isamatsekeke mukakhala chete. Mukaona kuti gemu ikutseguka koma ikukakamira polowa mpikisano, kapena sitolo yake siikutseguka, kawirikawiri mapaketi akula mopitirira. WireGuard imayambira pa `MTU = 1420`, ndipo kutsitsa kufika pa 1280 kumathetsa vutoli nthawi zambiri. Doko limodzi limapita kwa munthu mmodzi, choncho mukagawana seva, wachiwiri asankhe doko lina pa makina ake.

Umu ndi mmene tinathetsera vuto la mng'ono wanga pamene anasamukira kwa anzake ku Tembisa, kumene kuli rauta ya 5G yokha yokhala pa CGNAT. Pingi yake inakwera ndi 3 kapena 4 ms, koma NAT inachoka pa Strict n'kufika pa Open, ndipo anayamba kulowa gulu limodzi ndi msuweni wathu wa ku Area 25 ku Lilongwe, chinthu chimene chinkakanika kwa miyezi. Lagi ya madzulo yochokera pa nsanja yodzaza inakhalapobe. Imeneyo palibe VPN imene ingaichotse.

Zoopsa. Seva yosasamalidwa imathyoledwa ndi akuba a pa intaneti. Magemu ena amakayikira maadiresi a nyumba za maseva n'kuwakana, ndiye yesani kwa tsiku limodzi kaye, popeza ambiri amalipiritsa pa ola. Ndipo seva imodzi ndi msewu umodzi: njira yake yakunja ikadzaza, mulibe ina yosinthira.

## Ndani atenge iti

Ngati muli pa faiba ndipo gemu yanu ili ndi seva ku Joni kapena ku Cape Town, musagule kalikonse. Ikani chingwe, konzani rauta, ndipo NAT ikakhala Strict funsani za adiresi yanuyanu.

Ngati mumasewera pa kompyuta, seva ili ku Ulaya, ndipo mwayeza n'kupeza kuti chisokonezo chimayamba deta ikatuluka m'dziko, yambani ndi WARP popeza ndi yaulere. Ikakanika, yesani pulogalamu yowongolera njira pa masiku oyesera, usiku, osati masana a Loweruka. Ngati muli kale ndi VPN wamba, yesani kutulukira ku Joni musanayese ku London.

Ngati muli pa PlayStation kapena Xbox, pa LTE kapena 5G, ndipo dandaulo lanu ndi kulephera kulowa gulu la anzanu, seva yanu yobwereka ndi imene imakhudza gwero la vutolo. Pezani wodziwa Linux pakati pa anzanu, ndipo pafunika rauta yaing'ono yotha kuyendetsa WireGuard.

Ngati mukufuna kusewera ndi abale a ku Malawi, musasinthe dziko. Inu khalani monga mulili, mutsogolere gululo, n'kusankha seva ya South Africa ngati gemu ikulola. Amene angapindule ndi VPN ndi iwo akumudziwo, ngati `tracert` yawo ikuonetsa kuti deta ikukazungulira ku Ulaya isanafike kuno. Zikatero alowe pa seva yanu ya ku Joni ija.

Ngati gulu lanu lili ku Leeds kapena ku Dublin ndipo inu nokha ndi amene muli kuno, atsogolere ndi iwo, inu mulandire 170 ms yanu popanda VPN, ndipo muyatse pulogalamu yowongolera njira pa masiku okhawo amene pingiyo yayamba kudumphadumpha.